Inhela ya Buluu Payokha Si Pulani: Tilembe Pepala la Mphumu

M'sukulu zathu zambiri, wophunzira wa mphumu amadziwika tsiku lomwe wabanika. Anzake amamuzungulira, wina akumukupiza ndi kope, wina wathamangira madzi, wina akufunsa kuti kiyi wa ofesi ali ndi ndani. Aliyense ali ndi mtima wothandiza, koma palibe akudziwa kuti apope kangati, adikire mphindi zingati, ndipo ndi nthawi iti yoti basi tiyeni kuchipatala. Ine ndikuti vuto limeneli lingachepe ndi pepala limodzi lokha, lolembedwa mwanayo ali bwinobwino, iye atakhala pansi ndi adokotala ake komanso makolo. Pepalalo ndi pulani ya mphumu. Ndikutinso pulani yomwe ikungonena za inhela ya buluu ndi yoperewera, ndipo inhela yotsekeredwa mu ofesi ili ngati kulibe.

Mavuto ndi awiri, ma inhela ndi awirinso

Kumbukirani za m'bayoloje. Mpweya umatsika pakhosi n'kulowa m'timachubu tomwe timagawikana ngati nthambi za mtengo mpaka m'mapapo. Timachubuti tazunguliridwa ndi timinofu. Kwa munthu wa mphumu pamachitika zinthu ziwiri zosiyana.

Choyamba n'chachangu. Fumbi, utsi kapena mphepo yozizira zikalowa, timinofu tija timafinya timachubu, njira n'kuchepa. Apa m'pamene m'chifuwa mumalira ngati kalikhweru, makamaka potulutsa mpweya. Chachiwiri n'chapang'onopang'ono ndipo sichimveka: khoma la m'kati mwa timachubu limakhala lotupa, likutulutsa makhololo, ngakhale masiku omwe munthu akudzimva kuti ali bwino. Kutupa kumeneku n'komwe kumachititsa timachubu kukhala taukali, kuti kafumbi komwe mnzako sakamva n'komwe iwe kakugwetse.

Inhela ya buluu, yomwe nthawi zambiri imakhala ndi mankhwala a salibutamo, imalimbana ndi vuto loyamba lokha. Imamasula timinofu m'mphindi zochepa, ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola ngati 4. Kutupa kuja siikukhudza ayi. Inhela ya bulawuni, yomwe kwathu kuno kawirikawiri imakhala ndi bekilometazoni, ndiyo imaphwetsa kutupa. Koma iyi ukapopa sumva kanthu. Pamafunika sabata imodzi kapena ziwiri ukupopa tsiku ndi tsiku kuti uyambe kuona kusintha, ndipo ukaisiya, kutupa kumabwerera mwakachetechete.

Mwaona msamphawo? Ya buluu imakuthandiza pompo, ndiye umaikonda. Ya bulawuni imaoneka ngati yopanda ntchito, ndiye imakhala pansi pa sutikesi. Chonsecho ya bulawuniyo ndiyo imachepetsa mwayi wokagonekedwa m'chipatala. N'chifukwa chake mu 2019 bungwe la GINA, lomwe limalemba malangizo a chisamaliro cha mphumu ogwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, linasiya kulimbikitsa kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salibutamo yekha. Wotsiriza ma inhela a buluu atatu kapena kuposerapo pachaka amakhala pachiopsezo chachikulu chobanika koopsa.

Chenjezo limodzi apa: mitundu imasiyana malinga ndi kampani. Ilipo ya bulawuni yomwe imabwera yofiirira kapena yaolenji, ndipo iliponso inhela ina yophatikiza mankhwala awiri, budesonaidi ndi fomotero, yomwe imagwira ntchito zonse ziwiri ndipo ili ndi malamulo akeake. Choncho papepala lanu pakhale dzina la mankhwala ndi mlingo wake monga zalembedwera pa inhelayo, kenako mtundu.

Tiyeni timulembere Chisomo

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 14, wa Fomu 2 pasukulu yogonera konko. Timutche Chisomo. Manambala omwe ndigwiritse ntchito ndi omwe amaperekedwa kawirikawiri kwa wa msinkhu wake, koma anu alembedwe ndi adokotala kapena anamwino omwe amakuonani. Kukopera pulani ya mnzako kuli ngati kuvala magalasi ake.

Pamwamba papepala pali dzina lake, kalasi, hositeli, nambala za foni ziwiri za kwawo, ndi chipatala chapafupi chomwe chimatsegula usiku. Kenako pakubwera zomuyambitsa.

Apa anthu ambiri amalemba mawu amodzi, "fumbi", n'kupitirira. Mawu amenewo sathandiza aliyense, pakuti fumbi lili ponseponse. Chofunika ndi fumbi liti, nthawi yanji, ndipo tichite chiyani. Njira yodziwira ndi kakope. Kwa masabata awiri kapena atatu, nthawi iliyonse Chisomo akapopa ya buluu alembe tsiku, ola ndi zomwe amachita ola lapitalo. Tinene kuti kakope kaonetsa kuti amabanika kwambiri m'mawa akasesa m'kalasi, madzulo akamaotcha zinyalala kuseri kwa hositeli, pothamanga m'mamawa miyezi ya Juni ndi Julayi, komanso nthawi zonse akagwidwa chimfine. Ndiye gawo limeneli lilembedwa chonchi:

- Kusesa m'kalasi: apatsidwe ntchito ina monga kukolopa kapena kutunga madzi. Osesa awaze madzi kaye, iye alowe fumbi litakhazikika.
- Utsi wa zinyalala ndi koyilo ya udzudzu: bedi lake likhale kutali ndi zenera la ku dzala, ndipo azigona m'neti m'malo moyatsa koyilo.
- Masewera nyengo yozizira: apope ya buluu kawiri mphindi 15 asanayambe, ayambe pang'onopang'ono.
- Chimfine: tsiku lomwe chayamba awerengenso gawo lachikasu, ya buluu ikhale pafupi ndi pilo.

Taonani kuti palibe pomwe talemba kuti asiye masewera. Mwana yemwe mphumu yake ikusamalidwa bwino amathamanga ngati wina aliyense. Akamalephera kumaliza gemu ya netibo nthawi zonse, chofunika kuonedwanso ndi mankhwala ake, osati kumukhazika pa benchi. Pali kanthu kenanso koyenera kufunsa adokotala: anthu ena a mphumu amabanika akamwa asipulini kapena bulufeni. Ngati zinamuchitikirapo, zilembedwe m'zilembo zikuluzikulu, chifukwa m'hositeli anthu amagawana mapiritsi a mutu ndi a m'mimba ngati maswiti.

Magawo atatu ngati maloboti

Mtima wa pulani ndi magawo atatu, ofanana ndi magetsi a pamsewu.

*Gawo lobiriwira: ndili bwino.* Chisomo akugona usiku wonse, sakutsokomola m'mamawa, akusewera, ndipo ya buluu sakuifuna kupitirira kawiri pasabata. Chochita: bekilometazoni wa mamaikulogalamu 100, kupopa kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo, tsiku lililonse, ngakhale akumva bwino chotani. Akatha achukuche m'kamwa n'kulavula, kupewa tizilonda toyera ta m'kamwa ndi kusasa mawu. Njira yosavuta yokumbukira ndi kuika inhela pamodzi ndi mswachi, azipopa asanatsuke mano.

Pano pali masamu omwe ambiri sawachita. Inhela yambiri imakhala ya kupopa ka 200. Kupopa ka 4 patsiku ndiye kuti 200 ÷ 4 = masiku 50. Teremu ya masabata 13 ili ndi masiku 91. Ndiye kuti inhela imodzi ya bulawuni siimaliza teremu. Chisomo afunika ziwiri, kapena akatengenso ina asanafike sabata yachisanu ndi chitatu. Ndipo musadalire kuigwedeza. Inhela imatha kumveka kuti muli kanthu, n'kumatulutsa nkhungu ndithu, mankhwala enieniwo atatha kale. Lembani tsiku loyamba pa kapepala n'kumata pa inhelayo, tsiku lothera mulilembe pa pulani. Masamu omwewa amaulula zobisika: ngati ya bulawuni ikadalipo patatha miyezi 4, eni ake sakupopa. Ngati ya buluu yatha m'mwezi umodzi, ndiye kuti akupopa ka 6 kapena 7 patsiku, ndipo mphumuyo yathawa m'manja kalekale.

*Gawo lachikasu: zayamba kuvuta.* Akutsokomola usiku mpaka kudzuka, m'chifuwa mwathina, kukwera masitepe kwayamba kumupatsa befu, kapena wapopa ya buluu masiku atatu m'sabata imodzi. Chochita: apope ya buluu ka 2 mpaka 4, ndipo angabwereze pakapita maola 4. Ya bulawuni asasiye. Auze a matironi tsiku lomwelo, osati mawa. Ngati ya buluu ikufunikanso maola 4 asanakwane, kapena tsiku lathunthu ladutsa osasintha, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko angamupatse mapiritsi a puredinisoloni a masiku 3 mpaka 5 kuti aphwetse kutupa msanga.

Kwa ine gawo lachikasu ndilo lofunika koposa, chifukwa kubanika koopsa kawirikawiri kumayamba ndi masiku angapo a zizindikiro zing'onozing'ono zomwe munthu amazinyalanyaza. Kutsokomola usiku timati n'kuzizira chabe. Mayeso ali pafupi, ndiye timati ndipita akatha. Pulani imachotsa kukambirana kumeneko, chifukwa chiganizo chinapangidwa kale mutu uli wozizira.

*Gawo lofiira: ngozi.* Sakutha kumaliza chiganizo osapumira pakati. Khungu la pakati pa nthiti ndi pansi pa khosi likulowa m'kati akamakoka mpweya. Wapopa ya buluu koma palibe kusintha. Milomo yasintha mtundu. Kwa ife akhungu lakuda, yang'anani m'kati mwa milomo ndi lilime, zimatuwa kapena kuoneka zabuluu. Akuwodzera kapena akusokonezeka mutu. Ndipo chizindikiro chonyenga kwambiri ndi ichi: kalikhweru kaja kakasiya kulira koma munthu akuvutikabe, sikuti wapeza bwino. Ndiye kuti mpweya womwe ukudutsa wachepa kwambiri moti sungalize n'komwe.

Chochita chilembedwe m'ndondomeko yoti ngakhale wa Fomu 1 wogwidwa mantha awerenge n'kutsata:

1. Mukhazikeni tsonga, ataweramira kutsogolo pang'ono. Musamugoneke, musamuthire madzi, ndipo anthu atalikire.
2. Gwedezani ya buluu, ikani pa sipesa, popani kamodzi, apume ka 4 kapena 5.
3. Dikirani masekondi 30 mpaka 60, gwedezaninso, popaninso kamodzi. Pitirizani mpaka ka 10.
4. Wina akaitane aphunzitsi kapena a matironi ndi kupeza galimoto nthawi yomweyo, osadikira kuti ka 10 kakwane.
5. Ali m'njira, bwerezani ka 10 kena mphindi 20 zilizonse. Asapite yekha, ndipo pepala lipite naye.

Manja adzanjenjemera ndipo mtima udzagunda mofulumira. Zimenezo ndi zochita za salibutamo, zimatha zokha, ndipo si chifukwa chosiyira kupopa. Dziwaninso kuti ya bulawuni siitsegula chifuwa pa nthawi ngati imeneyi. Ngakhale atapeza bwino atapopa ka 10, aonedwebe ndi achipatala tsiku lomwelo, chifukwa mphamvu ya mankhwala ikatha kubanika kungabwerere, mwina pakati pa usiku.

Ena ali ndi kachipangizo kouzira koyeza liwiro la mpweya wotuluka. Ngati nambala yabwino koposa ya Chisomo ndi 350, gawo lachikasu liyambira pa 80 peresenti, yomwe ndi 280, ndipo lofiira liyambira pa theka, 175. Koma wopanda kachipangizoka asadandaule. Pulani yodalira zizindikiro imagwira ntchito bwinobwino.

Sipesa ya botolo si umphawi

Ndatchula sipesa. Inhela imatulutsa mankhwala mwaliwiro, ndipo kuti alowe m'mapapo pamafunika kupopa ndi kukoka mpweya nthawi imodzimodzi. Akuluakulu omwe amaphonya, nanga mwana wobanika? Mankhwala ambiri amangomata kukhosi. Sipesa ndi kachipinda komwe mankhwala amayamba ayandama, iwe n'kuwakoka modekha.

Mu 1999 madokotala a ku Cape Town, motsogozedwa ndi Heather Zar, anasindikiza kafukufuku woonetsa kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500 limathandiza ana obanika mofanana ndi sipesa yogula. Kapangidwe kake: kunsi kwa botolo kumabooledwa bowo lofanana ndendende ndi kukamwa kwa inhela, kuti ilowe mothina, ndipo wodwala amapumira kukamwa kwa botolo. Popanga koyamba pemphani achipatala akuonetseni. Litsukeni ndi madzi a sopo, musalipukute ndi nsalu, lisiyeni liume lokha. Kupukuta kumabweretsa magetsi aja omwe mumawaona mukakhuza cholembera m'tsitsi n'kutola timapepala, ndipo magetsiwo amakokera mankhwala kukhoma la botolo. Lamulo lina: kupopa kamodzi pa nthawi. Mukapopa ka 4 motsatizana m'botolo kenako n'kupuma, ambiri mwa mankhwalawo amathera kukhoma.

Zomwe ena anganene

Aphunzitsi ena amati mankhwala onse azikhala ku ofesi, kuopa kuti ana angawataye kapena kuseweretsa. Nkhawayo ndikuimva, ndipo pa mapiritsi ambiri ndi yoona. Koma kubanika kumabwera kubwalo la mpira, pa pulepu, kapena 2 koloko usiku, nthawi yomwe wosunga kiyi ali kutali. Mu 2012, m'chigawo cha Ontario ku Canada, mnyamata wa zaka 12, Ryan Gibbons, anamwalira atabanika pa nthawi yopuma kusukulu, inhela yake itatsekeredwa mu ofesi. Mu 2015 chigawocho chinakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake, lolola ana kunyamula ma inhela awo makolo akavomereza. Ife sitifunika kudikira maliro kuti tiphunzire zomwezo. Wophunzira wa sekondale anyamule yake m'thumba. Ngati ilipo yachiwiri, imeneyo ndiyo ikhale kwa a matironi.

Ena kunyumba amati inhela imazolowereka, ukangoyamba suisiya, bola mapiritsi. Zoona zake n'zosiyana. Munthu akamafuna ya buluu pafupipafupi, si kuti thupi lazolowera ngati fodya, koma kuti kutupa kuja sikunasamalidwe. Ndipo piritsi la salibutamo limazungulira thupi lonse lisanafike m'mapapo, limachedwa, limanjenjemeretsa kwambiri. Kupopa kamodzi ndi mamaikulogalamu 100, pamene piritsi laling'ono ndi mamiligalamu 2, kutanthauza mamaikulogalamu 2,000. Mankhwala "amphamvu" ndi ati pamenepa? Za ya bulawuni, anthu amamva kuti ndi sitiroyidi n'kuchita mantha. Si ija amabayira onyamula zitsulo. Mlingo wake ndi wochepa ndipo umapita molunjika komwe kuli vuto.

Chotsutsa chomwe ndimachilemekeza kwambiri ndi ichi: pepala lithandiza chiyani ngati pachipatala chapafupi ya bulawuni palibe? N'zoona kuti imasowa, ndipo pepala si mankhwala. Komabe limachita zinthu ziwiri. Limakuuza tsiku lomwe inhela idzathe, ndiye umayamba kufunafuna kudakali masabata awiri, m'malo modzidzimuka itatha. Limakupatsanso umboni. Kunena kuti "ndimabanika nthawi zina" n'kosiyana ndi kuonetsa kakope kolembedwa kuti mwezi uno ndadzuka usiku ka 6 ndipo ndajomba masiku 4. Adokotala akaona zimenezo amadziwa kuti mwanayu akufunika ya bulawuni, kapena atumizidwe kuchipatala chachikulu. Kafukufuku yemwe anachitikira pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, wosindikizidwa mu 2021, anatsata ana 120 a zaka 6 mpaka 15. Omwe anaunikidwa bwino, kupatsidwa mankhwala opopa oyenera, ndi kuphunzitsidwa aliyense payekha za mphumu yake, atatha miyezi itatu anali ndi zizindikiro zochepa, ankajomba kusukulu mochepa, ndipo ankathamangira kuchipatala mochepa kuposa anzawo. Ophunzitsawo sanali madokotala. Anali anthu wamba omwe anaphunzitsidwa ntchitoyo.

Pepalalo likhale kuti?

Pulani yomwe ili m'fayilo ya a hedi yokha ndi yofanana ndi inhela yotsekeredwa. Ilembedwe patsamba limodzi, m'chilankhulo chomwe a matironi ndi anzake a mwanayo amawerenga mosavuta, ikopedwe kanayi. Imodzi ikhale m'chikwama pamodzi ndi inhela ndi botolo, ina kwa aphunzitsi a kalasi kapena a zamasewera, ina kwa a matironi kapena a patironi, ina kunyumba. Ndipo mnzake mmodzi wogona naye pafupi aphunzitsidwe gawo lofiira, ayeserere ndi botolo masana kukuwala, chifukwa usiku woyamba kumva kutsokomola ndi iyeyo.

Pansi penipeni palembedwe tsiku lomwe pulani yalembedwa ndi siginecha ya wachipatala. Iunikidwenso kamodzi pachaka, komanso nthawi iliyonse mwana akafika m'gawo lofiira kapena mankhwala akasinthidwa. Ngati muli ndi mphumu, holide ikubwerayi tengani buku lanu la kuchipatala, ma inhela anu onse ndi kakope kaja, mukafunse mafunso atatu: ndizipopa iti tsiku ndi tsiku ndipo kangati, zikayamba kuvuta ndichite chiyani, ndipo ndi chizindikiro chiti choti ndisadikirenso. Mayankhowo alembedwe muli pomwepo, musanatuluke m'chipindamo.